Invoisi ya K93,000 ndi kabokosi ka "mameseji 2,000": mmene tinakonzeranso tebulo la mitengo

Nkhaniyi inayamba pa 2 Okutobala 2024 m'mawa, madamu ena amene ali ndi mafamase atatu atandiimbira foni ndisanamwe olo tiyi. Apu yathu ndi yowerengera stoko ndi malonda, komanso imatumiza mameseji kwa makasitomala awo kuwakumbutsa zoti mankhwala a mwezi atsala pang'ono kutha kapena oda yawo yafika. Iwo anali pa pulani yapakati ya K60,000 pamwezi koma invoisi ya Sepitembala inafika ikunena K93,000 msonkho usanalowepo, pamwamba pa pulani panali K9,000 ya wantchito wowonjezera ndi K24,000 ya mameseji opitirira malire. Mawu awo anali akuti, "Achimwene, pa tebulo lanu munalemba mameseji 2,000, ine ndatumiza 1,400 ndawerenga ndekha, ndiye 24 sauzande iyi yachokera kuti?" Ndinawayankha kuti madamu ndipatseni tsiku limodzi ndione, mumtima ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti alakwitsa ndi iwowo. Ayi ndithu, sanalakwitse. Nafenso masamu athu sanalakwike, ndipo pamenepo ndi pamene mutu unaima.

Tebulo limene anthu ankaliona linali ili, tinalilemba masana amodzi ndi mnzanga wa zamalonda, aliyense akungoponya nambala imene ikumveka bwino:

| Pulani | Pamwezi | Mipando | Mameseji |
|---|---|---|---|
| Yoyambira | K25,000 | 2 | 500 |
| Yapakati | K60,000 | 5 | 2,000 |
| Yaikulu | K150,000 | 15 | 6,000 |

Mmunsi mwake munali timalemba ting'onoting'ono: mpando wowonjezera K9,000 pamwezi, meseji yopitirira malire K30. Mpando apa ndikutanthauza munthu mmodzi amene ali ndi dzina lake ndi pasiwedi yake yolowera mu apu. Tebulo looneka bwino ndithu, koma kabokosi kalikonse kanali ndi funso limene sitinaliyankhe, nde pulogalamu imene ndinalemba ine inangodziyankhira yokha mmene inaonera.

Ndiyambe ndi mamesejiwo poti ndi amene anautsa mapiri pachigwa. Meseji ya pafoni ikakhala ndi zilembo wamba zokhazokha, zija za mu `GSM-7`, imanyamula zilembo 160. Ikapitirira imaduka zidutswa, chilichonse cha zilembo 153, ndipo kampani imene imatitumizira mameseji imatitchaja pa chidutswa osati pa meseji. Izi ndinkazidziwa. Chimene sindinachiganizire nkomwe ndi choti mukangoika chilembo chimodzi chokha chimene mulibe mu `GSM-7`, meseji yonse imasamukira ku `UCS-2` ndipo malire amatsika kufika pa 70, zidutswa zake za 67. Nditatsegula tempuleti ya madamu aja ndinapeza zilembo 120, zokwana bwinobwino mu meseji imodzi, koma munali mawu akuti maŵa, ndi ŵ wa kadenga uja. Mwana wawo amene amachikonda Chichewa cholembedwa bwino ndi amene anawakonzera tempuletiyo kumayambiriro kwa mwezi. Kadenga kameneko mu `GSM-7` mulibe. Ndiye meseji iliyonse inkatuluka zidutswa ziwiri, 1,400 kuchulukitsa kawiri 2,800, kuchotsa 2,000 za mu pulani kutsala 800, pa K30 ndi K24,000 yeniyeni ija.

Sikirini yawo inkawerenga mizere ya mameseji mu databesi, invoisi inkawerenga zidutswa, ndipo zonse ziwiri tinkazitchula dzina limodzi. Kasitomala sangadziwe zimenezo ndipo si udindo wake. Tinakangana masiku awiri ndi mnzanga, iye akuti amwene tingotchaja pa meseji basi anthu asamavutike, ine ndikuti munthu mmodzi akalemba kalata yonse ya zilembo 400 yokhala ndi ŵ ndiye kuti ife tikulipira zidutswa 6 iye akulipira chimodzi, tidzagwa. Tinagwirizana kuti titchaje pa chidutswa koma tizinena poyera. Pa tebulo pano palembedwa "mameseji 2,000 (meseji imodzi ndi zilembo 160)", ndipo polemba tempuleti pali kauntala imene imaonetsa pompopompo kuti iyi idya zingati, ikapeza ŵ kapena ka emoji imachenjeza n'kufunsa ngati mukufuna isinthe kukhala w wamba. Ku databesi, mzere uliwonse wa meseji tsopano umasunga `segments` ndi `encoding` pa nthawi yotumiza, ndipo sikirini ndi invoisi zonse zimawerenga `SUM(segments)` pamalo amodzi. Mzerewo ulinso ndi kiyi yake yosabwerezeka, chifukwa netiweki ikavuta seva imayesanso kutumiza ndipo tinapeza ena ochepa amene anawerengedwa kawiri.

Njira yodziwira ngati muli ndi vuto ngati ili ndi yosavuta, kungoti sitinkaichita. Mwezi ukatha tengani nambala imene kampani yotumiza mameseji yakutchajani, muifananize ndi imene mwawerengera makasitomala, komanso ndi imene makasitomalawo akuiona pa sikirini. Zitatuzo zikasiyana, foni ikubwera.

Tikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma madamu aja atakwiya anauza akauntanti wawo kuti atsitse mainvoisi onse kuyambira pomwe anayamba nafe awaone bwinobwino, ndipo bambo amenewo anandiimbira mwaulemu kwambiri, ulemu woopsa uja, kundifunsa kuti bwanji invoisi ya Okutobala 2023 ikunena K60,000 pomwe risiti ya Airtel Money imene ali nayo ikunena kuti analipira K42,000 ndi msonkho wake, kodi ndiye kuti ali ndi ngongole? Ngongole analibe. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ife amene seva timalipira ndi madola sitikanachitira mwina, mu Januwale 2024 tinakweza mitengo. Ndipo ndinakweza bwanji? Ndinalowa mu tebulo la `plans` n'kusintha nambala, basi, mphindi imodzi. Fayilo ya invoisi sitinkaisunga, inkapangidwa nthawi imene munthu wadina batani, ndi funso longa ili:

```sql
SELECT i.number, p.price
FROM invoices i
JOIN plans p ON p.id = i.plan_id;
```

Ndiye kuti tsiku limene ndinasintha mtengo, mainvoisi onse akale a makasitomala onse anasintha nawo limodzi mwakachetechete, ndipo kwa miyezi 9 palibe anazindikira poti ndani amatsitsa invoisi ya chaka chatha. Lipoti lathu la ndalama za 2023 nalonso linafufuma, linkaonetsa ndalama zimene sitinazigwirepo. Apa ndi pomwe ndinachita manyazi kwambiri pa nkhani yonseyi, za ŵ zija munthu ukhoza kuseka koma izi ayi.

Kukonza kwake kunali pawiri. Choyamba pulani ndi mtengo wake tinazilekanitsa. Pulani ndi dzina chabe, mtengo ndi mzere wina wokhala ndi masiku ake, ndipo mzerewo sukhudzidwanso ukangolembedwa, ukafuna kukweza umatseka wakale n'kutsegula watsopano. Nambala ya mipando ndi ya mameseji zinalowanso mu mzere womwewo, chifukwa tsiku lina wa zamalonda adzati pulani yapakati tiipatse mameseji 2,500 ndipo funso lidzakhala lomwelo lakuti nanga mu Sepitembala munali angati. Chachiwiri invoisi imakopera chilichonse ndi kusunga yokha:

```
plan_prices(id, plan_id, amount_tambala, seats, segments,
            valid_from, valid_to)
invoice_lines(invoice_id, plan_price_id, description, quantity,
              unit_tambala, tax_rate, period_start, period_end)
```

Peresenti ya msonkho ili pa mzere uliwonse dala, boma likadzasintha msonkho mainvoisi akale asagwedezeke. Ndalama timasunga m'matambala, nambala yathunthu yopanda kadontho, K60,000 ndi `6000000`. Wina aseka kuti tambala mudamuona liti pamsika, zoona, koma mukayamba kugawa K9,000 ndi masiku 31 matambala amatulukira okha ndipo ndi bwino kuwazunguliza kamodzi pa mzere kusiyana ndi kuwasiya akuyandama. Kungoti gwiritsani `bigint`, chifukwa `integer` wamba amathera pa 2,147,483,647 zomwe m'matambala ndi K21 miliyoni ndi kanthu basi, ndalama imene lipoti la miyezi ingapo limaidutsa osatuluka thukuta.

Mainvoisi akale tinawabwezeretsa pamanja, kutenga mtengo wakale n'kufananiza ndi zimene zinalowa pa Airtel Money, Mpamba ndi ku banki. Inali ntchito ya sabata yathunthu yotopetsa ndipo palibe chophunzitsa mmenemo.

Tsopano mipando, pomwe ine ndimati panalibe vuto poti madamu sanadandaulepo. Mu Sepitembala yemweyo, mwezi wa masiku 30, anayamba ndi anthu 5. Pa 11 analemba ntchito atsikana awiri ogulitsa n'kuwatsegulira maakaunti, pa 26 mmodzi anasiya n'kuchotsedwa. Kodi alipire zingati za mipando? Pulogalamu yanga yakale inkangochita `COUNT(*)` ya anthu amene ali otsegula pa tsiku lotulutsa invoisi, inapeza 6, wowonjezera mmodzi, K9,000. Koma mukawerenga masiku enieni, woyamba anakhala masiku 20 omwe ndi K6,000, wachiwiri masiku 15 omwe ndi K4,500, pamodzi K10,500. Mukati kuwonjezera kumawerengedwa masiku koma kuchotsa kumadikira mwezi uthe, onse awiri ndi K6,000 K6,000, pamodzi K12,000. Mukati timatchaja nambala yaikulu imene munafikapo m'mwezimo, ndi mipando iwiri yathunthu, K18,000. Mayankho anayi kuchokera pa kamzere kamodzi kakuti "K9,000 pamwezi", ndipo lililonse munthu akhoza kuliikira kumbuyo osachita manyazi.

Njira yakale ija ndi imene inali yoipitsitsa, osati chifukwa cha kuchepa kwa ndalama koma poti inali ndi chibowo. Nditayang'ana mu malogi ndinapeza kasitomala wina, shopu ya zomangira, amene pa 30 kapena 31 paliponse ankatseka maakaunti a anyamata ake anayi n'kuwatsegulanso pa 2. Sindikumunena, anawerenga mmene makina akuyendera n'kuwagwiritsa ntchito. Chinanso, databesi sinkadziwa kuti munthu anatsegulidwa liti kapena kutsekedwa liti, inali ndi `is_active` basi, inde kapena ayi, ndiye olo tikanafuna kuwerenga masiku panalibe powerengera, masiku a madamu aja ndinachita kuwafukula mu malogi a seva.

Tinasankha njira yachitatu ija ya K12,000. Kuwerenga masiku mbali zonse ziwiri ndi kwachilungamo kwambiri, ndikuvomera, koma invoisi yake imadzaza timizere ta kubweza ndi kuchotsera mpaka kasitomala amasokonezeka n'kuimbabe foni, ndipo masewera otseka ndi kutsegula aja amangosintha maonekedwe. Chimene chinathandiza kwambiri ndi kusiyanitsa mpando ndi munthu. Kasitomala amagula mipando, nambala, ndipo anthu amakhala pamipandopo. Wantchito akasiya pa 26 mpando umatsala wopanda munthu koma ndi wolipiridwa mpaka pa 30, wina akalembedwa pa 28 amangokhalapo osalipiranso kanthu. M'mafamase ndi m'mashopu antchito amasinthasintha kwambiri ndiye izi anthu anazikonda. Ku databesi kunabwera tebulo la `seat_changes` lolemba akaunti, mipando ingati yawonjezeredwa kapena kuchotsedwa, liti, ndi ndani anadina. Gawo lomaliza la ndani anadinali latipulumutsa kale kangapo pamene bwana akuti ine sindinawonjezere mpando, n'kupezeka kuti ndi manejala wa nthambi ina.

Pomwe zinthu zitatuzi zimakumana ndi pamene munthu wasintha pulani pakati pa mwezi, ndipo apa ndinatsala pang'ono kutsegula chibowo china chachikulu ndi manja anga. Tinasintha kuti ndalama ya pulani izilipiridwa kumayambiriro kwa mwezi, mipando yowonjezera ndi mameseji opitirira zizibwera pa invoisi yotsatira. Munthu akakwera kuchoka pa yapakati kupita pa yaikulu pa 16 Sepitembala, kwatsala masiku 15, ndiye invoisi imakhala ndi mizere iwiri, kubweza K30,000 ya masiku amene sadzakhala pa yapakati ndi kutchaja K75,000 ya masiku a pa yaikulu, alipire K45,000. Mizere iwiri, osati umodzi wa K45,000, kuti lipoti lidziwe pulani iti yabweretsa zingati. Mpaka apa zili bwino. Nanga mameseji? Poyamba ndinalemba kuti akangokwera malire ake akhale 6,000 nthawi yomweyo. Mnzanga woyesa apu ndi amene anandifunsa kuti aise, nanga ndikakwera pa 30? Tsiku limodzi ndi K5,000 kuchotsa K2,000, ndiye kuti ndi K3,000 yokha munthu wafufuta mameseji 4,000 opitirira amene akanalipira ndalama zoposa K100,000, kenako pa 1 n'kutsikanso. Ndiye malire nawonso timawagawa ndi masiku. Wokwera pa 16 amapeza theka la 2,000 ndi theka la 6,000, pamodzi 4,000 mwezi umenewo, ndipo nambala imeneyi imalembedwa pa mzere wa nyengo ya akauntiyo, sitiiwerengeranso kuchokera ku pulani. Kutsika pulani kumadikira mwezi uthe, ndipo apu imakana ngati anthu ali ambiri kuposa mipando imene adzakhale nayo, imafunsa kuti muchotsa ndani kapena mugula mipando ingati.

Za mtengo wotsika kwa otumiza mameseji ambiri ndingodutsapo msanga. Wa zamalonda ankafuna kuti wopitirira ndi mameseji oposa 3,000 azilipira K24 m'malo mwa K30. Funso ndi lakuti K24 pa onse, kapena pa okhawo apamwamba pa 3,000? Amene anagwiritsapo Stripe akudziwa mayina ake, `volume` ndi `graduated`. Pa njira yoyamba wopitirira ndi 3,000 alipira K90,000 pomwe wa 3,001 alipira K72,024, ndiye kuti aliyense mpaka pa 3,749 akulipira zochepa kuposa mnzake amene watumiza pang'ono. Tinatenga yachiwiri, wa 3,001 amalipira K90,024, ndipo invoisi imaonetsa sitepe iliyonse pa mzere wake.

Panalinso nkhani ya ola. Seva imayendera `UTC` pomwe ife tili patsogolo ndi maola awiri, ndiye mameseji otumizidwa pa 1 pakati pa 12 koloko usiku ndi 2 koloko ankagwera m'mwezi wapitawo. Pano malire a mwezi timawerengera pa `Africa/Blantyre`, kuyambira `>=` tsiku loyamba mpaka `<` tsiku loyamba la mwezi winawo.

Chisankho chimene ndinachiganizira nthawi yaitali ndi chakuti munthu akafika pa malire tichite chani. Makampani akunja ambiri amangokusiya upitirire poti ali ndi khadi lako, mwezi ukatha amadula okha. Makasitomala athu ambiri amalipira pa foni kapena ku banki, munthu amayenera kuvomera yekha ndi pini yake, ndiye meseji iliyonse yopitirira ndi ngongole imene ife talipira kale ndipo tikaitolere ndi mafoni ndi kupepesa. Tinapanga kuti pa 80 peresenti mwini akaunti alandire chenjezo, pa 100 mameseji aime, pokhapokha iye mwini atalowa n'kulemba ndalama imene akulola kupitirira nayo mwezi umenewo. Nambala imeneyo ndi nthawi imene anavomera timazisunga. Kwa famase izi zili ndi kuipa kwake, meseji yokumbutsa munthu mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi ikaima si zabwino, ndiye oimitsidwawo sititaya, amakhala pa mzere ndipo amapita akangovomera.

Madamu aja K24,000 tinawachotsera yonse, poti tebulo ndi limene linawanamiza. Invoisi ya K93,000 sitinaikhudze, tinatulutsa pepala lina lobweza lokhala ndi nambala yake, lonena invoisi imene likukonza, kuti akauntanti wawo ndi wathu aone zomwezo. Za mipando tinasiya pa K9,000 pomwe invoisi inanena, sitikanapita kukawauza kuti malamulo atsopano akuti muwonjezere K3,000. Tempuleti anasintha, maŵa anakhala mawa, ndipo Okutobala anatha ali mkati mwa malire.

Chimene sitinathane nachobe ndi ichi. Titatseka chibowo cha kutseka ndi kutsegula, ena anangoyamba kugawana pasiwedi. Mu data mukuoneka munthu mmodzi akugulitsa ku nthambi ziwiri pa mphindi imodzi, kuyambira 7 m'mawa mpaka 9 usiku, ndipo stoko ikasowa lipoti la ndani anagulitsa chani, lomwe ndi chifukwa chenicheni chimene mabwana amagulira apu yathu, silikuthandizanso kanthu. Mnzanga akufuna tiike mpando wotchipa wa ogulitsa okha, mwina K3,000, ine ndikuona kale kuti `seat_changes` ifunika mtundu wa mpando, mipando 5 ya mu pulani ifunika kunenedwa kuti ndi yamtundu uti, komanso tigwirizane zochita wogulitsa akakwezedwa kukhala manejala pa 17. Ndamuuza kuti kabokosi kameneko sikalowa pa tebulo mpaka titakhala pansi ndi kulemba invoisi yake pamanja kaye.